Kuwotcha pokodza: si nthawi zonse vuto limakhala m'chikhodzodzo

Ambiri akamva kuwotcha pokodza amathamangira kugolosale kukagula bakitirimu kapena makapisozi. Pakatha sabata ululu uli pomwepo, chifukwa nthendayo mwina siili m'chikhodzodzo n'komwe.

Choyamba, zindikirani pamene pakuwawa. Ngati kuwotcha kuli m'kati mwa njira ya mkodzo, makamaka mkodzo ukangoyamba kutuluka, akhoza kukhala matenda opatsirana pogonana. Kwa abambo achinyamata, matendawa ndi amene amakhala oyamba kuganiziridwa. Chinzonono chimaonekera pakadutsa masiku 2 mpaka 7 mutagonana popanda kondomu, ndipo chimatulutsa mafinya achikasu. Kilamidiya amachedwerapo, sabata 1 mpaka 3, ndipo zotuluka zake zimakhala zamadzimadzi, mwina kadontho kamodzi kokha m'mawa.

Tiyerekeze bambo wadzuka n'kupeza kabudula wam'kati wathimbirira mafinya. Kuchipatala amubaya jakisoni mmodzi wa chinzonono, n'kumupatsanso mapiritsi a dokisisaikilini a masiku 7, popeza matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Pofika tsiku lachitatu ululu watha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasiya mankhwala, ndipo mkazi wawo samuuza. Mayiyo akhoza kukhala ndi matendawa osamva kanthu kalikonse, n'kuwabwezera kwa mwamuna wake, kwinaku iye akuwonongeka machubu a chiberekero mwakachetechete. Choncho onse awiri alandire mankhwala, ndipo asagonane mpaka atamaliza. Mayi woyembekezera anene msanga, chifukwa dokisisaikilini samuyenera.

Kwa amayi, nthawi zina kuwotchako kumakhala kwa kunja, pamene mkodzo wakhudza khungu lotupa kapena tizilonda. Mauka amachita zimenezi, limodzi ndi kuyabwa komanso chikazi choyera ngati chambiko. Sopo wonunkhira ndi mankhwala oika kumaliseche amasupulanso khungu. Amayi amene anasiya kusamba nawonso amamva kuwotcha chifukwa njira imauma.

Tisaiwale likodzo. Ngati mumasamba, kuchapa kapena kuwedza m'nyanja ya Malawi, ya Chilwa, mumtsinje wa Shire kapena m'madambo, yang'anani madontho omaliza a mkodzo. Akakhala a magazi, kayezetseni. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wapakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira a nyongolotsi amatuluka ambiri. Mankhwala ake ndi pulazikwantelo, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo amamwedwa mutadya kaye.

Timiyala ta mu impso timabwera ndi ululu wolasa kuchokera m'nthiti kutsikira kuchinena. Mwa abambo, kutupa kwa pulositeti, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, kumawawitsa pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, mkodzo n'kumatuluka movutikira.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha, tchende latupa, m'chinena mukupweteka kwambiri, mkodzo watsekeka, kapena ngati muli oyembekezera. Mukamapita, tengani mapepala a mankhwala amene mwamwa kale, adokotala awaone.