Wilo ndi mboni zake: ndani asayine, ndani akhale pambali

Bambo anga ali ku Luchenza, alemba okha wilo mu kope ndipo asayina. Dzanja lawo tonse timalidziwa, ndiye mboni ndi zachaninso?

Dzanja mukulidziwa lero poti eni ake alipo, mukakayikira mungowafunsa. Vuto la wilo ndi loti imayamba kugwira ntchito tsiku lomwe mwini wake sangayankhenso funso lililonse. Pepala la ngongole kapena logulitsana malo mukakangana mumaitana onse awiri, koma pa wilo wolembayo amakhala ali kumanda, ndiye akatulukira malume wina nkunena kuti siginecha iyi ndi yopeka, kapena kuti achimwene nthawi imeneyo mutu sunkagwira, kapena anachita kuwagwira dzanja ali pa bedi, amene angaime mu khoti nkunena zomwe anaona ndi maso ndi mboni basi.

Nchifukwa chake lamulo la chuma cha masiye lomwe Malawi inakhazikitsa mu 2011 linaika ndondomeko yake. Wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asayine pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, kenako mbonizo nazo zisayine mwini wake akuona, komanso zikuonana zokhazokha. Kope ija ilibe vuto, Chichewa chilibe vuto, sipafunika taipi kapena Chizungu cha maloya. Koma popanda mboni ziwirizo pepalalo khoti lingathe kulikana, ndiye chuma chimagawidwa ngati munthu sanasiye wilo, kutsatira mmene lamulo limagawira kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena omwe ankadalira malemuyo. Zomwe bambo anu analemba zija zimangokhala zofuna zawo, osati zomanga aliyense.

Poti akadali moyo nkhani ndi yosavuta, alembenso bwinobwino, aitane anthu awiri asayinire pamodzi.

Ndingasayine ndekha kunyumba kenako nkupititsa pepalalo kwa aneba lero, kwa abusa mawa?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa chifukwa tinazolowera mafomu a ngongole omwe umayenda nawo khomo ndi khomo kusaka ma siginecha. Mboni sikuchitira umboni pepala, ikuchitira umboni kuti inakuonani inuyo mukusayina. Aneba omwe mwawapeza akupalira chimanga nkuwapatsa pepala losayinidwa kale, akadzafunsidwa kuti munaona malemu akusayina, ayankha chani? Akanena zoona wilo yagwa, akanama alowa mmavuto ena.

Chitani chonchi. Nonse atatu mukhale malo amodzi nthawi imodzi, foni ikalira wina asatuluke mpaka zithe. Mulembe deti. Inu musayine kumapeto kwenikweni kwa mawu anu, osasiya mpata waukulu pakati poti wina angadzawonjezerepo mzere. Kenako mboni yoyamba, kenako yachiwiri, aliyense alembe dzina lonse momveka, mudzi, mfumu yaikulu ya dera lake, ndi nambala ya chiphaso cha unzika ngati ali nacho pafupi. Zinazi si zokakamiza koma zimathandiza kwambiri, ma siginecha ena ndi mizere yokhotakhota yoti pakatha zaka 15 palibe angadziwe kuti anali ndani. Ngati masamba ndi angapo ndi nzeru kuti nonse muike chizindikiro pa tsamba lililonse kuti lina lisadzasinthidwe.

Ndiye mbonizo ziwerenge zonse zomwe ndalemba? Sindikufuna mudzi onse udziwe.

Sikofunika. Mutha kuphimba mawuwo ndi pepala lina nkungosiya posayina, bola adziwe kuti akuchitira umboni siginecha yanu ndipo aone cholembera chikuyenda.

Mwana wanga wamkazi ndi amene ndimamudalira, ndipo nyumba ndikusiyira iyeyo. Bwanji asakhale mboni iye yemweyo, kapena mwamuna wake?

Apa ndiye khalani pansi kaye. Munthu amene akulandira kanthu mu wilo asakhale mboni, ndipo mwamuna kapena mkazi wa wolandirayo nayenso ayi. Chifukwa chake nchosavuta kumva, mboni ntchito yake ndi kudzanena kuti panalibe chokakamiza, ndiye munthu amene akupeza nyumba wilo ikapambana angakhulupilike bwanji pa mawu amenewo? Ngakhale ali woona mtima chotani, abale ena angoloza chala kuti wadzichitira yekha umboni. Ndipo chomvetsa chisoni nchoti kawirikawiri wilo yonse siifa, chomwe chimatayika ndi mphatso ya mboni ija. Ndiye kuti amene mumafuna kumuteteza ndi amene mwamulanga.

Tiyerekeze ndi nkhani ngati iyi, sindikunena munthu weniweni. Bambo wina anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ali ndi nyumba ya malata pa puloti yomwe anagula ku Bvumbwe, kagolosale, ndi njinga yamoto ya kabaza. Ana alipo atatu. Mu wilo walemba kuti nyumba ipite kwa mwana wamkazi amene wakhala akumudwazika, golosale kwa mayi a kunyumba, njinga kwa mwana wamwamuna wotsiriza, ndipo woyamba uja sanamupatse kanthu poti anamulipirira kale sukulu mpaka anayamba ntchito ku Blantyre. Tsiku losayina pakhomo pali mkamwini, si mukudziwa kwathu kuno mkamwini amakhala pompo, akatumidwa sakana. Ndiye asayina mkamwiniyo ndi aphunzitsi oyandikana nawo nyumba.

Bambo aja atamwalira, wilo ili ndi mboni ziwiri, onse ndi akuluakulu amutu wabwino, ndiye golosale ipita kwa mayi, njinga kwa wotsiriza, palibe chovuta. Koma nyumba ija yalembedwa kwa mkazi wa mboni. Woyamba kubadwa akangopita kwa loya, choyamba kuona ndi dzina la mlamu wake pansi pa pepala. Mphatso ya nyumbayo ikagwa, ndipo ngati wilo sinanene kuti zotsala zonse zipite kwa ndani, nyumba imagwera mu gulu la chuma chopanda wilo. Mwana wamkazi uja sikuti atuluka chimanjamanja, akhala ndi gawo lake ngati mwana, koma tsopano akugawana ndi ena onse kuphatikizapo uja bambo anamusiya dala. Nyumba imodzi siidulidwa ndi chikwanje, ndiye mapeto ake nthawi zambiri ndi kukangana zogulitsa.

Zonsezi zikanapeweka akanangoyenda pang'ono nkuitana munthu wina wa mpingo mmalo mwa mkamwini. Ndipo musaganize zoti ndiika mboni zitatu, ziwiri zakunja ndi mwana wangayo kuti naye aoneke. Dzina lake lisapezeke pa malo a mboni, basi. Ine ndimalangizanso kuti nthawi yosayinayo olandira onse akhale panja, asadzanenedwe kuti anaima pamutu pa odwala.

Nanga mchimwene wanga amene sindinamupatse kanthu, kapena amfumu?

Lamulo silikuletsa mbale kukhala mboni ngati iye ndi mkazi wake sakulandira kalikonse. Koma ganizirani kaye. Mbale amene mwamusiya kunja akhoza kukhala woyamba kufuna kuti wilo igwe, ndiye tsiku la khoti nkuyamba kuti aaa sindikukumbuka bwino, mwina anasayina ine nditapita kuseri. Mboni yabwino ndi munthu amene sapindula wilo ikapambana komanso sapindula ikagwa.

Amfumu atha kukhala mboni ngati munthu wina aliyense, ndipo mawu awo amalemera pa mudzi. Koma chidindo chawo si mboni yachiwiri. Amfumu ndi munthu mmodzi, pafunikabe wina, ndipo nawonso akhalepo nthawi yosayina osati kukadinditsa madzulo. Abusa chimodzimodzi, koma ngati mwasiya ndalama ku mpingo wawo kapena kwa iwo eni, pezani wina kuti pasakhale pogwira.

Kupatula olandira, ndani winanso sakuyenera?

Mwana wosakwana zaka 18 sangakhale mboni, ngakhale ali folomu 4 ndipo ndi amene amalemba bwino pakhomopo. Munthu amene mutu wake sukuyenda bwino ayinso, ndipo apa ndikuphatikizapo amene wachokera ku kachasu, poti nkhani yoti mboni inali italedzera imatuluka msanga pa maliro. Munthu wosaona musamuvutitse, funso lomwe adzafunsidwe ndi loti munaona chani.

Kenako pali zomwe lamulo silinena koma nzeru imanena. Anzanu a msinkhu wanu omwe munavinidwa nawo limodzi ndi okhulupirika inde, koma mwina adzatsogola ndi iwo. Wilo siifa chifukwa mboni yamwalira, koma pakabuka mkangano umboni umavuta kupeza. Sankhani ocheperako msinkhu komanso okhazikika, osati mnyamata amene akudikira pasipoti ya ku Joni kapena wa ganyu amene nyengo yothyola tiyi ikatha abwerera ku Mozambique osasiya nambala.

Amayi anga sadziwa kulemba ndipo akudwala, ali mchipatala. Mwana angawalembere iwo nkudinda chala?

Chidindo cha chala chimagwira ntchito ngati siginecha, koma wilo yotere ndi yomwe imatsutsidwa kwambiri ndiye mboni zake zikhale zolimba. Wolemba asakhale mwana amene akulandira, pezani munthu wapadera. Akamaliza awawerengere mokweza mu chilankhulo chomwe amamva bwino, kaya Chichewa kaya Chilomwe, mboni zonse ziwiri zikumva, mayiwo avomere ndi pakamwa pawo kuti ndi zomwezo, kenako adinde. Pansi palembedwe mzere wonena kuti wilo iyi yawerengedwa kwa mwini wake mu chilankhulo chakuti, wamva ndipo wavomera asanadinde. Apa ndiye chinsinsi chija chimachepa, palibe kuchitira mwina.

Sankhaninso nthawi yomwe ali bwinobwino, akuzindikira anthu, akutha kutchula ana awo ndi katundu wawo, osati atangobayidwa jakisoni wogonetsa. Ngati dokotala kapena kiliniko ofesala angavomere kukhala mboni kapena kulemba kuti odwala anali ozindikira tsiku limenelo, zimatseka pakamwa anthu ambiri, koma ena amakana ndipo simungawakakamize.

Ndinasayinitsa bwinobwino chaka chatha, pano ndagula puloti ina ku Chitakale. Ndingowonjezera mzere pansi?

Mzere wowonjezera nokha ndi bolopeni ulibe mboni, ndiye ulibe mphamvu, ndipo kufufuta fufuta kumapangitsa pepala lonse kukayikitsa. Kusintha kulikonse kumafuna mwambo womwe uja, inu kusayina ndi mboni ziwiri zikuona. Chophweka ndi kulemba wilo yatsopano, yokhala ndi deti latsopano ndi mawu onena kuti iyi ikufafaniza zonse zakale, yakaleyo nkuing'amba nokha. Mboni sizikuyenera kukhala zomwe zija, koma yang'ananinso mndandanda wa olandira, chifukwa aphunzitsi omwe anasayina chaka chatha mwina pano akwatira mdzukulu wanu amene mukufuna kumupatsa puloti ya ku Chitakaleyo.