Musagule Kompyuta Ina, Vuto Ndi Lupu Yanu

Dandaulo lake ndaliloweza tsopano. Munthu amabwera nkhope itagwa, n'kunena kuti pulogalamu yake inkathamanga bwinobwino chaka chatha koma pano ikukwawa, ndiye kompyuta yakalamba. Ndikamufunsa kuti pulogalamuyo imachita chiyani, amati imayang'ana ngati nambala ya lisiti yalembedwa kawiri. Pamenepo ndimadziwiratu zimene ndikazipeze ndisanatsegule faelo:

```python
obwereza = []
for i in range(len(malisiti)):
    for j in range(i + 1, len(malisiti)):
        if malisiti[i] == malisiti[j]:
            obwereza.append(malisiti[i])
```

Khodi imeneyi si yolakwika. Yankho imapereka loona. Imatenga lisiti loyamba n'kulifananiza ndi onse otsatira, kenako lachiwiri chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu saiwerengera ntchito yake, pomwe masamu ake ndi ochepa zedi.

Taganizirani anthu asanu atakumana m'chipinda, aliyense n'kugwirana chanza ndi mnzake aliyense kamodzi. Woyamba apatsa moni anayi, wachiwiri atatu otsala, wachitatu awiri, wachinayi mmodzi. Pamodzi ndi 10. Akakhala anthu khumi, moni sukhala 20 ayi, umakhala 45. Lupu ya m'kati mwa lupu inzake imachita zomwezo, ndipo chiwerengero cha kufananiza ndi `n * (n - 1) / 2`, pomwe `n` ndi kuchuluka kwa malisiti. Ndiye kuti zinthu zikachuluka kawiri, ntchito imachuluka pafupifupi kanayi. Zikachuluka kakhumi, ntchito imachuluka ka 100. Izi ndi zomwe mabuku amatanthauza akalemba `O(n^2)`.

Tiyeni tiikepo manambala enieni. Polemba pulogalamu munayesa ndi malisiti 2,000. Kufananiza kunachitika ka 1,999,000. Tingoyerekeza kuti lupu ya Python ikukwanitsa kufananiza kokwana mamiliyoni 10 pa sekondi (makina ena amaposa, ena safika, koma nkhaniyi sisintha). Ntchito yatha sekondi isanafike ndi theka lomwe, inu n'kumwetulira. Malisiti akafika 200,000, achuluka ka 100 kokha, koma kufananiza kwafika pafupifupi mabiliyoni 20. Pa liwiro lomwe lija ndi masekondi 2,000, kupitirira theka la ola. Akafika miliyoni imodzi, mudikira pafupifupi maola 14. Kompyuta ndi yomwe ija, sinasinthe kalikonse.

Palinso mtundu wina umene umapusitsa kwambiri, uja umangofunsa kuti "kodi chobwereza chilipo?" n'kuima ukangopeza choyamba. Poyesa, munthu amaika dala nambala yobwereza chakumayambiriro kuti aone ngati ikugwira, ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo. Koma tsiku limene malisiti onse ali bwino, palibe chobwereza, lupu ilibe poimira, imayenda ulendo wonse. Tsiku labwino ndilo lochedwetsa.

Njira yofulumira ndi iyi:

```python
taona = set()
obwereza = set()
for lisiti in malisiti:
    if lisiti in taona:
        obwereza.add(lisiti)
    else:
        taona.add(lisiti)
```

Lupu ndi imodzi. Lisiti lililonse timaligwira kamodzi, n'kufunsa funso limodzi: ili tinaliona kale? Chinsinsi chili pa mmene seti, ija tapanga ndi `set()`, imayankhira funsolo. Siyamba kufufuza kuchokera koyamba. Imatenga chinthucho n'kuwerengetsa nambala inayake kuchokera pa icho, imene timaitcha hashi, ndipo nambalayo ndi imene imaloza kabowo komwe chinthucho chiyenera kukhala. Ili ngati shelefu ya makalata yokhala ndi timabowo tambirimbiri, pomwe dzina la pa envelopu ndilo limakuuzani kabowo kake. Simutsegula tonse. Mumapita pa kamodzi, mukapeza mulibe kanthu ndiye kuti kalatayo sinabwerepo. Nthawi zina zinthu ziwiri zosiyana zimalozedwa pa kabowo kamodzi, ndipo seti imayang'ana pena pang'ono, komanso imadzikuza yokha isanadzaze kuti kuwombana kotere kusachuluke. Chotsatira chake, funso limodzi limatenga nthawi yofanana ndithu kaya m'kati muli zinthu 100 kaya miliyoni. Malisiti 200,000 aja ndi mafunso 200,000 basi, osati mabiliyoni 20, ndipo amatha sekondi isanakwane.

Tsopano nkhani imene imandisowetsabe mtendere, chifukwa wolakwa ndinali ine. Mnyamata wina amene ndinkamuyang'anira pa ntchito anabwera ndi lupu ziwiri zija. Ndinamufotokozera zonsezi, anagwedeza mutu, anapita kukakonza. Atabweretsa, ndinaona lupu imodzi, ndinaona `if lisiti in taona`, ndinaona kuti nthawi yatsika kuchoka pa theka la ola kufika pa mphindi zosakwana khumi. Ndinati zili bwino, n'kuvomereza. Mzere woyamba sindinauwerenge. Unali wotere:

```python
taona = []
```

Listi, ndiye kuti `list` ya Python, osati seti, ndipo m'malo mwa `taona.add` anali atalemba `taona.append`. Mawu akuti `in` amalembedwa mofanana pa zonse ziwiri, koma pa listi amayenda chimodzichimodzi kuyambira koyamba mpaka atapeza kapena kufika kumapeto. Lupu yachiwiri ija sinachoke, inangobisala. Nthawi inatsika chifukwa kufufuza kwa `in` kumachitikira m'kati mwa Python momwemo, m'khodi ya C yothamanga kuposa lupu yolemba pamanja, koma kakulidwe ka ntchito kanali komwe kaja. Patapita miyezi, malisiti atachuluka kawiri, mphindi zija zinachuluka kanayi. Ogwiritsa ntchito pulogalamuyo sanatiuze. Ankaganiza kuti yafa, ndipo anazolowera kuitseka pakati n'kupitiriza ntchito osayang'ana zobwereza. Tinadzadziwa malisiti ena atalowa kale kawiri m'kaundula, anthu akuwasanthula ndi maso mzere ndi mzere. Chimene chimandiwawa si kulakwitsa kwa mnyamatayo. Mphindi khumi zija zinayenera kundidabwitsa, pakuti seti yeniyeni ikanamaliza ndisanachotse chala pa batani. Ndinakondwera ndi kutsika kwa nthawi, osafunsa kuti yatsika mokwanira kodi.

Lupu yobisala ili ndi abale ake. `malisiti.count(lisiti)` ikakhala m'kati mwa lupu, imawerenga listi yonse ulendo uliwonse. `malisiti.index(lisiti)` nayo imafufuza kuyambira koyamba. Mzere ukhoza kuoneka waufupi ndi waukhondo koma ukusenza katundu yense uja.

Ndiye mungadziwe bwanji, makamaka ngati khodiyo analemba ndi wina? Musakangane naye. Yesani. Thamangitsani pulogalamu pa zinthu 10,000 zosabwereza, lembani nthawi. Thamangitsaninso pa 20,000, kenako 40,000. Mu Python `time.perf_counter()` ikukwanirani, ngakhale wotchi ya pamkono imagwira ngati nthawiyo ndi yaitali. Nthawi ikamachuluka kawiri pamene zinthu zachuluka kawiri, muli pabwino. Ikamachuluka kanayi, penapake pali lupu m'kati mwa inzake, iwoneke kapena isaoneke. Ndikanachita zimenezi tsiku lija, sizikananditengera mphindi zisanu.

Apa mpamene ndimakwiya ndi akatswiri a pakamwa. Wina akuuzani kuti mugule makina amphamvu. Wina akuti mulipire seva yaikulu. Winanso akuti Python ndiyo yaulesi, mum'patse ntchito alembenso zonse m'chilankhulo china. Afunseni funso limodzi: malisiti akachuluka kawiri, nthawi ichuluka kangati? Makina othamanga kawiri amakupatsani mpata woti malisiti akule ndi magawo pafupifupi 41 pa 100 okha, kenako mwabwerera pomwe munali, ndalama zitapita. Ngakhale kulembanso m'chilankhulo chothamanga ka 100 kumangokugulirani malisiti ochuluka kakhumi. Ndi mankhwala oziziritsa mutu pomwe matenda ali m'magazi. Ndipo kuzengereza kumaipitsa zinthu mwakachetechete, chifukwa vutoli silikula pang'onopang'ono monga timayembekezera. Mwezi uno anthu akungodandaula, miyezi ingapo kutsogolo ayamba kudumpha sitepe yoyang'ana ija, monga anachitira athu aja.

Seti nayo ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Imadya memore. Lupu ziwiri zija sizisunga kanthu kowonjezera kupatula zimene zapeza, pomwe seti imasunga malo a chinthu chilichonse chosiyana, kuphatikizapo timabowo topanda kanthu. Pa malisiti mazana a masauzande si nkhani. Akafika poti sakukwana m'memore, ganizirani zowasanja kaye mu ndondomeko kuti ofanana akhale moyandikana, kapena ntchitoyo muisiyire detabesi. Komanso si chilichonse chimalowa mu seti. Mukayesa kuikamo listi, Python ikukanizani ndi `TypeError`, ikunena kuti `unhashable type: 'list'`, chifukwa chinthu chimene chingasinthe pambuyo pake sichingakhale ndi kabowo kokhazikika. Ngati chobwereza kwa inu ndi nambala ndi deti pamodzi, zimangeni mu `tuple`, motere: `(nambala, deti)`. Dziwaninso kuti seti sisunga ndondomeko imene zinthu zinabwerera. Mukafuna kudziwa kuti lisiti linaoneka koyamba pa mzere uti, gwiritsani `dict`, nambala ya lisiti ikhale kiyi, mzere ukhale mtengo wake. Liwiro ndi lomwelo.

Chinthu china chimene anthu amaiwala akasangalala ndi liwiro: seti imadziwa kufanana kwenikweni kokha. `"A102"` ndi `"a102 "` kwa iyo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale inu mukuona kuti ndi lisiti limodzi lolembedwa mosasamala. Yeretsani kaye ndi `.strip().upper()` musanafunse. Koma musapyole muyeso n'kusandutsa zonse manambala, chifukwa `"007"` ndi `"7"` zidzasanduka chinthu chimodzi pomwe mwina ndi malisiti awiri. Ndipo ngati mukufunafuna zinthu zongofananako, monga mayina awiri osiyana chilembo chimodzi, seti yokha sikuthandizani. Limenelo ndi vuto lina, lovutirapo.

Pa zinthu 20 kapena 50, siyani lupu ziwirizo ngati mwazikonda, palibe adzamve kusiyana. Ine ndikamaona khodi ya wina masiku ano, ndikangopeza `in` m'kati mwa lupu, ndimakwera m'mwamba kukaona mzere umene chinthucho chinabadwira, ngati pali `[]` kapena `set()`.