Dedilaini ya yunivesite yakunja: kuno ku Mzuzu ikhala nthawi yanji kwenikweni?

Ntchito yanga ndi yothandiza ana a sukulu kulemba ma apulikeshoni a ku yunivesite, ndiye funso limene limabwera chaka ndi chaka ndi lakuti, alemba kuti akutseka pa 31 Okutobala, ndiye kuti ndili ndi tsiku lonselo eti? Yankho ndi lakuti zitengera kuti wotchi imene akugwiritsa ntchito ili kuti. Kompyuta imene imatseka fomu ija siyang'ana wotchi ya pa foni yanu, imayang'ana nthawi imene eni ake anaitchera, ndipo ikakwana basi batani la Submit limafa kapena fomu yanu imalowa mgulu la ochedwa.

Poyambira ndi kudziwa nambala yathu. Malawi ali pa UTC+2, kutanthauza kuti tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi imene dziko lonse limawerengerapo, ndipo ife sitisuntha mawotchi, Januwale mpaka Disembala ndi yomweyo. Malo ena aliwonse alinso ndi nambala yawo. Masamu ake ndi amenewa:

```
nthawi ya kuno = nthawi yawo - nambala yawo + 2
```

Zophweka, vuto lili pa "nambala yawo" yo chifukwa m'maiko ambiri imasintha pakati pa chaka.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti mtsikana wina wa ku Chibavi anamaliza digiri yake yoyamba ndipo akufuna masitazi ku yunivesite ina ku Melbourne, ku Australia. Pa webusaiti alemba kuti akutseka pa 31 Okutobala, 11:59 PM nthawi ya ku Melbourne. Iye anayamba kukonzekera mu Ogasiti, anatsegula wotchi ya pa foni, anawonjezapo Melbourne, foni inamuuza kuti ali patsogolo ndi maola 8. Zoona, mu Ogasiti Melbourne imakhala pa UTC+10, kuchotsapo ziwiri zathu zitsala 8. Anachotsa 8 pa 23:59 napeza 15:59, nalemba m'kabuku kuti folo koloko masana. Apa wachita kale bwino kuposa anthu ambiri, amene amangoona 11:59 PM n'kumaganiza kuti adzatumiza akadya nsima ya madzulo, pamene kumeneko kwayamba kale kucha, ndi pa 1 Novembala.

Koma folo koloko yo ndi yolakwika. Lamulungu loyamba la Okutobala anthu a ku Melbourne ndi Sydney amakankhira mawotchi awo patsogolo ndi ola limodzi, amapita pa UTC+11, ndipo amakhala pamenepo mpaka Lamulungu loyamba la Epulo. Ndiye pa 31 Okutobala kusiyana si 8 ayi ndi 9. Tiwerengenso: 23:59 kuchotsa 11 ndi 12:59, kuphatikiza 2 ndi 14:59. Chitseko chikutsekedwa itangotsala mphindi imodzi kuti ikwane 3 koloko masana. Mtsikana uja akakwera kabaza kupita mtauni kukasikana satifiketi yake, n'kukhala pa laputopu cha m'ma 3:20 akudziuza kuti ali ndi mphindi 40 zonse, ndiye kuti wachedwa kale ndi mphindi 20. Foni sinamunamize, inangoyankha funso lina. Wotchi ya pa foni imakuuzani kusiyana kwa lero, pamene inu mukufuna kusiyana kwa tsiku la dedilaini.

Komanso musamati "nthawi ya ku Australia" ngati ndi imodzi. Brisbane sasuntha mawotchi, amakhala pa UTC+10 chaka chonse, ndiye yunivesite ikanakhala ya ku Brisbane folo koloko ija ikanakhala yolondola. Perth ali pa UTC+8, kusiyana ndi ife ndi maola 6 basi. Funso likhale la mzinda umene kuli yunivesiteyo osati dziko.

Palinso kenakake kamene kamandinyansa ine, zilembo zimene amalemba pambali pa nthawi. AEST ndi UTC+10, AEDT ndi UTC+11. Koma anthu a mu ofesi ndi anthu, ena amangolemba AEST chaka chonse chifukwa ndi imene anazolowera, pamene akutanthauza nthawi imene ili pa wotchi ya pakhoma pawo. Ndiye mukaona 31 Okutobala 11:59 PM AEST kuchokera ku Melbourne muli ndi mayankho awiri, 15:59 mukatsata zilembozo, 14:59 mukatsata wotchi ya pakhoma. Tengani yofulumirayo, 14:59, kenako alembereni imelo mufunse. Koma osadikira yankho kuti muzikonzekera, ofesi za adimishoni nthawi imeneyo zimakhala zitadzadza ndi maimelo.

Ku UK nako n'chimodzimodzi koma kumagwira anthu mwa njira ina. Ambiri tinakula tikudziwa kuti ku Mangalande ali m'mbuyo ndi maola awiri, makamaka ife oonera mpira. Izi zimakhala zoona kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi. Miyezi ina yonseyo amakhala pa UTC+1, kusiyana ndi ola limodzi lokha. Tsono UCAS, imene anthu amadzera pofunsira digiri yoyamba ku UK, imatseka pa 15 Okutobala nthawi ya 18:00 ya ku UK kwa ofuna Oxford, Cambridge ndi makosi ambiri a udokotala. Pa 15 Okutobala amakhala asanabweze mawotchi, ndiye kuno ndi 7 koloko madzulo. Amene waloweza za maola awiri zija adzati 8 koloko, ola lathunthu atatseka. Dedilaini yaikulu ya makosi enawo imakhala mu Januwale, nayonso 18:00, koma imeneyo ndiye imagwera pa 8 koloko usiku kuno. Sisitimu imodzi, 18:00 yomweyo, mayankho awiri. Onaninso kuti si pakati pa usiku, si aliyense amene amatseka 11:59 PM.

Ku Amereka nthawi imakhala ngati ikutikondera chifukwa ali m'mbuyo mwathu. 11:59 PM ya ku New York mu Januwale, pamene ali pa UTC-5, ndi 06:59 m'mawa wa tsiku lotsatira kuno, ndipo ya ku California, UTC-8, ndi 09:59 m'mawa. Apa samalani ndi masamu, kuchotsa nambala ya mainasi ndi kuphatikiza, 23:59 kuphatikiza 5 kuphatikiza 2, mwadumpha tsiku. Koma ine sindilola mwana aliyense kudalira maola a bonasi amenewa. Chifukwa choyamba, iwo amabweza mawotchi Lamulungu loyamba la Novembala, ndipo madedilaini ambiri oyambirira amakhala pa 1 Novembala, pamalire penipeni. Mu 2025 tsikuli linali Loweruka asanabweze, 11:59 PM ya ku New York inali 05:59 kuno. Mu 2026 pa 1 Novembala ndi Lamulungu lomwelo, amabweza m'bandakucha, ndiye usiku wake ikhala 06:59. Chachiwiri, pa Common App, webusaiti imene anthu amadzera pofunsira digiri yoyamba ku mayunivesite ambiri a ku Amereka, nthawi yotsekera imakhala 11:59 PM ya komwe kuli wofunsirayo, osati ya komwe kuli sukulu. Ndiye amene akuti ndigone kaye ndidzuka 4 koloko ndimalize chifukwa ku Boston kudakali dzulo, akhoza kupeza kuti yake inatha pakati pa usiku wa ku Mzuzu konkuno.

Za 12:00 AM ndingonena mwachidule. 12:00 AM pa 15 Januwale ndi poyambira tsikulo, usiku wa pa 14 ukangotha, osati kumapeto kwake, ndipo 12:00 PM ndi masana. Deti nayonso, ku Amereka amayamba ndi mwezi, 01/02 kwa iwo ndi 2 Januwale osati 1 Febuluwale. Imeneyo yokha ikhoza kukudyerani mwezi.

Mukawerenga pamanja tsimikizani ndi chida chimene chimakulolani kuika deti. Pa timeanddate.com pali Time Zone Converter, mumaika mzinda wawo, deti la dedilaini ndi nthawi, kenako mumawonjeza Lilongwe kapena Blantyre, dziko lathu lonse ndi nthawi imodzi ndiye zilibe kanthu kuti Mzuzu palibe kapena alipo. Ngati yankho lake lasiyana ndi lanu ndi ola limodzi ndendende, dziwani kuti ndi nkhani ya kusuntha mawotchi ija. Ngati lasiyana ndi maola ambiri ndiye kuti mwaphatikiza pofunika kuchotsa. Kodziyesera kwake ndi aka, dzuwa limayamba kutuluka kummawa, ndiye Australia, Japan, China ndi India amafika pa dedilaini ife tikadali m'mbuyo, nthawi ya kuno iyenera kutuluka yocheperapo kuposa imene alemba. Kwa UK ndi Amereka iyenera kutuluka yokulirapo. India ali pa UTC+5:30, musadabwe mukapeza theka la ola, 5 koloko madzulo kwawo ndi hafu pasiti wani masana kuno.

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Chibavi, poti 14:59 ija ndi nthawi ya kompyuta yawo, si nthawi yake yeniyeni iyeyo. Ma apulikeshoni ambiri sawerengedwa kuti afika mpaka ndalama ya fomu italipiridwa, ndipo ndalamayo imafuna khadi la ku banki lololedwa kulipira kunja. Khadi likakana, kaya chifukwa cha malire a ndalama zakunja kaya kameseji ka nambala yachinsinsi sikakubwera, afunika kupita ku banki, ndipo banki ili ndi maola ake. Pa 31 Okutobala mu 2026 ndi Loweruka, ndiye kwa iye tsiku lomaliza loti angathe kukonza vuto la khadi popanda kuthamanga ndi Lachisanu pa 30. Kenako kalata ya umboni yochokera kwa alekichala ake. Malo ena amalola kuti ibwere pambuyo, koma ku UCAS simungatumize fomu kalatayo isanalowe, ndipo ngati mukudzera kusukulu kwanu ndi sukuluyo imene imatumiza komaliza, inu mukadina batani fomu imangopita kwa aphunzitsi kaye. Ndiye muwauze alekichala deti ndi nthawi ya kuno, musawatumizire sikirinishoti yolembedwa AEDT kuti akadziwerengere okha.

Onjezanipo zathu zija, magetsi kuthima, netiweki kuvuta fayilo ya thiransikiriputi ili pakati, bandulo kutha. Ine ana anga ndimawauza kuti alembe nthawi ziwiri m'kabuku. Yoyamba ndi yeniyeni, Loweruka 31 Okutobala, 14:59 nthawi ya ku Malawi, ndi dzina la tsiku lomwe kuti isasokonezeke. Yachiwiri ndi imene adzatumizire, masiku awiri ogwira ntchito m'mbuyo mwake, kwa iyeyu ndi Lachinayi pa 29 m'mawa, kuti khadi likakana akhale ndi Lachinayi masana ndi Lachisanu lonse. Akatumiza adikire imelo yotsimikiza kuti alandira, ayang'anenso pa akaunti yake ngati palembedwa Submitted osati In progress, ajambule sikirini imeneyo nthawi ikuoneka.