Galafu yosintha muyeso payokha: mangani manambala a m'mbali

Kumanzere kwa galafu ya mizati ya mu Excel kuli mzere woimirira wokhala ndi manambala, ndipo ndi anthu ochepa amene amauwerenga. Maso amathamangira ku mizati, kuona wautali ndi waufupi. Koma kutalika kwa mzati kumadalira pomwe mzerewo wayambira ndi pomwe wathera, ndipo mukapanda kuiuza kompyuta malire amenewa, imadzisankhira yokha. Imasankhanso mwatsopano nthawi iliyonse mukawonjezera manambala kapena kudina Refresh All, osakuchenjezani.

Tiyerekeze koparetivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota, nyengo yogula itafika. Mlembi amalemba matumba a makilogalamu 50 amene alowa m'nyumba yosungiramo sabata iliyonse. Sabata zinayi zoyambirira alowa matumba 440, 455, 470 ndi 460. Wapanga galafu ya mizati, waipulinta, wapita nayo ku msonkhano wa komiti. Pa pepalapo mzati wa sabata yachitatu ndi wautali katatu kuposa wa sabata yoyamba. Wapampando akuwomba m'manja, akuti alimi ayamba kutikhulupirira. Chonsecho kusiyana kwake ndi matumba 30 okha, osafika ngakhale 7 pa 100 alionse.

Chachitika ndi ichi. Excel imayang'ana nambala yaikulu ndi yaing'ono. Ikapeza kuti kusiyana kwa ziwirizi n'kochepera gawo limodzi mwa magawo 6 a nambala yaikuluyo, imasiya kuyambira pa 0. Apa gawo limenelo ndi matumba pafupifupi 78, pomwe kusiyana ndi 30 basi. Ndiye imatenga nambala yaing'ono, 440, n'kuchotsapo theka la kusiyanako, 15, n'kuyambira cha pa 425. Malo enieni amatha kusuntha pang'ono malinga ndi kukula kwa galafuyo. Kuchokera pa 425, mzati wa 440 wangokwera masitepe 15 pomwe wa 470 wakwera 45. Katatu kaja kachokera pamenepo. Matumba 425 a pansi pa mzati uliwonse adulidwa, sakuoneka.

Sabata yachisanu ndalama zogulira zachedwa, alowa matumba 380. Mlembi walemba nambalayo, galafu yadzikonza. Tsopano kusiyana ndi 90, kwadutsa 78 uja, choncho mzere wabwerera pa 0 mpaka 500. Mizati inayi yomwe ija, ya manambala omwe aja, yangoti ndendende ngati yofanana. Amene anasunga pepala loyamba akaliika pambali pa lachiwiri, funso lake ndi lakuti, "Alembi, kukwera kuja kwapita kuti?" Ndipo pa gulu losunga ndalama za anthu, funso lotere silichedwa kusanduka mphekesera. Chodabwitsa n'chakuti akadalowa matumba 395, galafuyo ikadapitiriza kudula pansi, ndipo sabata yachisanu ikadaoneka ngati malonda agweratu. Matumba 15 okha ndiwo asiyanitsa zithunzi ziwirizi. Zili ngati sikelo ya venda imene muvi wake umayambira pena m'mawa, pena masana.

Kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi. Dinani ndi batani lakumanja la mausi pa manambala a m'mbaliwo, musankhe Format Axis. Pansi pa Axis Options mupeza Bounds, pomwe pali timabokosi tiwiri, Minimum ndi Maximum. Mu Minimum lembani 0, mu Maximum lembani 600, ndipo pa Units, mu Major, lembani 100 kuti mzere uzikwera ndi matumba 100.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mukatsegula n'kupeza kuti mu Minimum muli kale 0, musatseke poganiza kuti zili bwino. Yang'anani mawu ali pambali pa kabokosiko. Ngati palembedwa Auto, 0 ameneyo ndi wa lero lokha, wasankhidwa ndi kompyuta, ndipo mawa akhoza kukhala 425. Mufufuteni, mulembenso 0 nokha, mudine Enter, muone kuti pambalipo pabwera Reset. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti malirewo amangika. Mu Excel 2007 ndi 2010, amene akadali m'makompyuta a maofesi ena, mumasankha Fixed m'malo mwa Auto. Mu Google Sheets pitani pa Customize, kenako Vertical axis, mulembe mu Min ndi Max. Mukamaliza yesani: sinthani nambala imodzi ikhale yaing'ono kwambiri, muone ngati manambala a m'mbali agwedezeka, kenako muibwezere.

Kumanga pansi pa 0 kulibe vuto pa galafu ya mizati, ndipo ine ndimati muzitero nthawi zonse. Kumanga pamwamba ndiko kofuna kuganiza. Tinene kuti mlembi uja waika Maximum pa 500, poona kuti 470 ndiyo yaikulu. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndalama zabwera, alimi akhamukira, alowa matumba 620. Excel sidandaula. Mzatiwo ungokafika pa 500 n'kuthera pompo, matumba 120 osaoneka. Mzati wogunda ndendende m'mphepete mwa pamwamba uzikukayikitsani. Choncho posankha Maximum musayang'ane manambala a mwezi uno okha. Tsegulani buku la chaka chatha, mupeze sabata imene munagula kwambiri, muwonjezerepo malo. Ndi bwinonso kudina pa mizati ndi batani lakumanja n'kusankha Add Data Labels, kuti nambala yeniyeni izilembedwa pa mzati uliwonse.

Njira imene ndimaikonda pa lipoti lobwerezabwereza ndi iyi. Mangani Minimum pa 0, koma Maximum muisiye pa Auto. Kenako wonjezerani ndandanda ina pambali pa manambala anu, mulembemo mlingo umene gulu linagwirizana, tinene matumba 500, pa sabata iliyonse. Iphatikizeni mu galafu, ndipo pa Change Series Chart Type muisandutse Line. Popeza 500 alipo nthawi zonse, pamwamba sipangatsike kuposa pamenepo, ndipo kawirikawiri pamakhazikika pa 600. Matumba akachuluka kwambiri, mzerewo umakwera wokha, mzati osadulidwa. Muyeso wasintha, inde, koma owerenga ali ndi chingwe cha 500 chija choyerekezera.

Si galafu iliyonse yoyenera kuyambira pa 0. Madzi a m'nyanja ya Malawi amakhala cha pa mamita 474 kapena kupitirirapo pang'ono kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mita imodzi yokha ndi nkhani yaikulu kwa wokhala ndi nyumba ku Senga Bay. Mukayambira pa 0, chingwe chake chingoti tantha, osaonetsa kanthu. Pamenepo gwiritsani galafu ya chingwe, osati mizati, mumange malire monga 472 mpaka 478, muwasiye choncho chaka ndi chaka, ndipo mulembe pansi pake kuti muyeso ukuyambira pa 472.

Ngati gulu lili ndi malo ogulira awiri, wina ku Dwangwa wina ku Benga, ndipo magalafu awo akhala pa pepala limodzi, onse awiri apatseni Minimum, Maximum ndi Major zofanana. Mukawasiya pa Auto, malo ogula matumba 90 ndi malo ogula 450 adzatuluka ndi mizati yotalika chimodzimodzi.