Za mafayilo a SRT, a mawu olembedwa pa kanema, omwe akubwezedwa aja, tiyankhe pamodzi

"Ndatumiza ntchito katatu konse mukungobweza, chalakwika n'chani kwenikweni?"

Nthawi zambiri si Chichewa chanu ayi, ndi mzere wa nthawi. Pulogalamu yoonetsa kanema siganiza ngati munthu, ikapeza kachizindikiro kamodzi kali posayenera imadumpha mawuwo, ina imakana fayilo yonse. Taonani zomwe ambiri mukutitumizira, izi tangosintha mawu koma kalembedwe ndi komweko:

```
1:05 - 1:08.5 Agogo, madzi alowa m'munda
1.09 mpaka 1.11 Aaa, usiku womwewu?
```

Ife anthu tikumva bwinobwino. Koma SRT imafuna chonchi:

```
1
00:01:05,000 --> 00:01:08,500
Agogo, madzi alowa m'munda.

2
00:01:09,000 --> 00:01:11,000
Aaa, usiku womwewu?
```

Nambala payokha, nthawi payokha, mawu pansi, kenako mzere wopanda kanthu. Maola manambala awiri ngakhale kanemayo ndi wa mphindi zitatu, mphindi awiri, masekondi awiri, ndiye mpatuliro, ndiye manambala atatu. Ndipo muone 8.5 uja wasanduka `08,500` osati `08,005`, chifukwa manambala atatuwo akugawa sekondi imodzi m'zigawo 1000, ndiye theka lake ndi 500. Apa ndi pomwe ambiri mukugwera.

Mpatuliro kapena mpumiro, pali kusiyana?

Kulipo. SRT ndi `,` ndipo `.` ndi wa WebVTT, mtundu wina wa fayilo ya mawu a pa kanema.

"Koma pa VLC yanga ikuoneka bwino, ndiye bwanji simukundilipira?"

Funso ili labwera kangapo ndipo ena mwalifunsa mokwiya, tikumvetsa. VLC imakhululuka zambiri, mwina manambala asokonekera kapena mwaika mpumiro, iyo n'kumangoonetsabe mawu ngati palibe vuto. Koma amene atipatsa ntchito satsegulira pa VLC, amalowetsa fayilo mu pulogalamu yolumikizira kanema kapena kuikweza pa intaneti, ndipo kumeneko zina sizidutsa. Ndiye ife sitingawerenge kuti ntchito yatha fayilo isanadutse pa Subtitle Edit, pulogalamu yokonzera mafayilo amenewa, popanda zolakwa zikuluzikulu. Sitikunena kuti ndalama yanu yapita ayi, ikungodikira. Ngati zolakwazo ndi ziwiri zitatu timakonza tokha osakuuzani n'komwe, koma fayilo ya mizere mazanamazana yomwe nthawi iliyonse yalembedwa mwa mtundu wake, imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu ndipo timabweza. Pali ena angapo omwe nkhani yawo ili pakatikati, amenewo tiona mmodzimmodzi, sitilonjeza pano kuti zitha bwanji.

Paja chitsanzo munatipatsa inu nomwe mu Word?

Eya, pamenepo tinalakwitsa ife. Word ikaona `-->` imakonda kusintha yokha kukhala kamuvi kamodzi kokongola, `→`, ndipo kamuvi kameneko SRT sikadziwa. Pamafunika timizere tiwiri ndi `>`, mpata umodzi kutsogolo wina kumbuyo. Amene munabwezeredwa pa chifukwa ichi chokha tumizaninso, simubwerera kumapeto kwa mzere. Kuyambira pano lembani mu Notepad kapena mu Subtitle Edit momwemo, ndipo posunga mu Notepad sankhani `All files` kuti dzina lisathere `.srt.txt`.

Pepala lomwe ndapatsidwa nthawi yake ili `00:01:05:12`, ndingosintha madontho omalizawo kukhala mpatuliro?

Ayi chonde. 12 ameneyo ndi mafulemu, zithunzi zomwe zimadutsa mu sekondi imodzi. Ngati kanema ndi wa mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi zigawo 40 mwa 1000 zija, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 40 ndi 480, mulembe `00:01:05,480`. Mukalemba `,012` kapena `,120` fayilo itseguka ndithu koma mawu azitulukira munthu asanatsegule pakamwa, ndipo choipa chake n'choti palibe pulogalamu yomwe ingakuchenjezeni, mumangoona ndi maso poonera. Funsani kaye kanemayo ndi wa mafulemu angati musanayambe kuwerengera.

Ndawonjezera mzere pakati, ndiyambirenso manambala onse pamanja?

Ayi, mu Subtitle Edit pitani pa `Tools` kenako `Renumber`.

Nanga ŵ wanga akusanduka tizilembo tachilendo bwanji?

Sungani fayilo ngati `UTF-8`. Mukasunga ngati `ANSI`, Malaŵi amatuluka ndi `?` pakati kapena kadenga kaja kamasowa.

Anthu awiri akulankhulana mopikisana, nthawi zingalowerane?

Ife sitilola. Mawu achiwiri ayambe oyamba atatha, apo ayi aikeni onse pa nambala imodzi, aliyense mzere wake woyamba ndi `-`. Koma musasiye mzere wopanda kanthu pakati pawo, pulogalamu zina zimayesa kuti nambala imeneyo yathera pomwepo ndipo mawu a munthu wachiwiriyo amangosowa. Mizere isapose iwiri, ndipo uliwonse tikupempha usapitirire zilembo 42 kuwerengera ndi mipata yomwe.