Kupweteka kwa m'mimba kochokera pamchombo n'kutsikira kumanja: kodi ndi apendikisi?

Apendikisi ndi kathumbo kakang'ono kotseka kumapeto, kofanana ndi chala, kotalika masentimita 5 mpaka 10 mwa anthu ambiri. Kamalendewera pamene matumbo aakulu amayambira, m'munsi mwa mimba mbali ya kumanja. Aliyense amabadwa nako. Vuto limayamba kakatsekeka pakhomo, kawirikawiri ndi kachidutswa ka chimbudzi cholimba kapena chifukwa cha kutupa kwa m'kati mwake, nthawi zina ndi njoka zam'mimba. Kuno kunyanja, komwe likodzo ndi lofala, mazira a tizilombo ta likodzo amathanso kukhazikika m'kathumboka n'kukatupitsa. Kakatsekeka, majeremusi amaswana, mafinya amadzaza, magazi amasiya kufikako bwino, ndipo mapeto ake kamaphulika. Matendawa amagwira kwambiri anthu a zaka 10 mpaka 30, ngakhale kuti kamwana kapena agogo akhoza kudwalanso.

Chizindikiro chachikulu ndi mmene ululu umayendera. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 19 wa ku Makanjira, msodzi wa usipa. Lolemba masana akumva m'mimba mukuwawa chapamchombo, koma sangaloze malo enieni. Nsima yafika, iye alibe nayo chilakolako. Madzulo akumva nseru, wasanza kamodzi. Onani ndondomeko yake: ululu ndi umene wayamba, kusanza kwabwera pambuyo. Pa matenda otsegula m'mimba obwera ndi chakudya choipa zimakonda kukhala mosiyana, munthu amayamba kusanza ndi kutsegula, ndipo kupotokola kumabwera n'kumapita.

Kukucha Lachiwiri, patatha maola 12 mpaka 24, ululu uja wasamuka. Tsopano uli malo amodzi, kumanja m'munsi, wobaya ndiponso wosalekeza, moti akhoza kuloza ndi chala chimodzi. Malowa mungawapeze motere: gwirani fupa losongoka lakutsogolo kwa chiuno chakumanja, yerekezani mzere wochoka pamenepo kukafika pamchombo, ndipo muugawe patatu. Pothera gawo loyamba kuchokera pafupapo ndi pamene pamawawa kwambiri. Chimasamutsa ululu n'chakuti poyamba kathumbo kokha ndi kamene kanali kotupa, ndipo mitsempha ya m'matumbo siilozera malo bwino. Kutupa kukafika pa kachikopa kokuta m'kati mwa mimba, thupi limadziwa ndendende pamene pali vuto.

Mnyamatayu tsopano akuyenda chowerama. Akatsokomola kapena kudumpha pang'ono akugwira kumanja. Akufuna kugona osagwedezeka, mwendo wakumanja ataupinda. Thupi latentha koma osati kwambiri, mwina madigiri 37.5 mpaka 38. Akakwera kabaza kapena galimoto, bampu iliyonse ikumubaya pamalo omwewo. Apa m'posafunika kudikira kuti tione mawa. Ulendo wochoka ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Chilipa kukafika ku boma umadya maola, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo maola amenewo akuwerengedwa pa nthawi yomwe kathumbo kakutupa. Msodzi amene m'mimba mwayamba kumuwawa chotere asakwere bwato usiku umenewo.

Ngozi ya kuphulika imakwera pakadutsa maola 36 mpaka 48 chiyambireni ululu. Chomwe chimapusitsa mabanja ambiri ndi ichi: kathumbo kakangophulika, ululu umatha kuchepa kwa kanthawi chifukwa chomwe chinali chitafufuma chaphwa. Achibale amapuma n'kumati mankhwala aja agwira ntchito. Pamenepo mafinya akhala akumwazikira m'mimba. Pakapita maola ochepa mimba yonse imawawa, imatupa ndi kulimba gwa, thupi limatentha kwambiri, mtima umathamanga, wodwala amafooka. Zikafika apa opaleshoni imakhala yaikulu, ndipo munthu akhoza kumwalira.

Muli kunyumba kapena panjira

Wodwala asadye kapena kumwa kanthu, ngakhale phala kapena thobwa, chifukwa mankhwala ogonetsa pa opaleshoni amafuna m'mimba mopanda chakudya. Musamupatse mankhwala otsegula m'mimba, a m'golosale kapena azitsamba, ndipo musamupope kumbuyo. Musathowe pamimba ndi madzi otentha, musasisite mwamphamvu, musateme mphini. Makapisozi ogula pamsika amangophimba zizindikiro n'kukutayitsani tsiku. Panado mmodzi kapena awiri kwa wamkulu salepheretsa adokotala kupeza matenda, bola mukanene zomwe wamwa ndi nthawi yake. Kumbukirani buku la kuchipatala, ndipo pakhale wachibale wamkulu woti akasayinire opaleshoni ngati wodwala ndi mwana.

Pitani ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, kuti akakuoneni ndi kukutumizani ku chipatala chachikulu cha Mangochi komwe kuli fiyeta. Mukafika, fotokozani nkhani yonse motsatana, osangoti "m'mimba mukuwawa". Nenani kuti, "Adokotala, zinayambira pamchombo dzulo masana, lero zatsikira kumanja kuno, ndipo sakudya." Mawu amenewa amathandiza kwambiri, chifukwa matendawa amadziwika makamaka ndi mbiri ya ululu komanso manja a dokotala. Iye amadina pamimba pang'onopang'ono n'kuona ngati minofu ikudzilimbitsa, ngati kuwawa kukukula pochotsa dzanja, ndiponso ngati kudina kumanzere kukuwawitsa kumanja. Akhoza kuyeza magazi ndi mkodzo, ndi kuunika pa sikani.

Pali msampha wina wa kwathu kuno. Wotentha thupi aliyense amayezedwa malungo, ndipo ku Mangochi si zachilendo kupezeka nawo. Koma munthu akhoza kukhala ndi malungo ndi apendikisi nthawi imodzi. Ngati mwalandira mankhwala a malungo koma ululu wa kumanja ukukulirakulira, bwererani tsiku lomwelo, musadikire kuti mankhwala athe kaye.

Si ululu uliwonse wa kumanja umene uli apendikisi, komabe ena mwa matenda ofanana nawo ndi oopsa chimodzimodzi. Mayi kapena mtsikana amene wadumphitsa msambo, akumva ululu mbali imodzi, akutaya magazi pang'ono kapena akuchita chizungulire, mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyo imapha mwachangu kuposa apendikisi. N'chifukwa chake adokotala amayeza mimba ngakhale kwa wosakwatiwa, ndipo makolo asakhumudwe nazo. Tayifodi nayonso imaboola matumbo, kawirikawiri munthu atatentha thupi kwa masabata awiri kapena atatu. Kwa mayi woyembekezera mimba itakula, ululu wa apendikisi ukhoza kumvekera chakumtunda. Ana aang'ono ndi okalamba nthawi zambiri saonetsa ndondomeko tafotokozayi: mwana amangolira, kukana kudya ndi kukana kugwidwa pamimba, pamene agogo ululu wawo umakhala wochepa ngakhale zinthu zitaipa.

Chithandizo chodalirika ndi opaleshoni yochotsa kathumboka, pamodzi ndi diripi ndi mankhwala opha majeremusi. Munthu amakhala bwinobwino popanda apendikisi, amadya chilichonse ndipo amabereka. Akafika kasanaphulike, ambiri amatuluka pakatha masiku 2 kapena 3. Kakaphulika, amagonekedwa sabata kapena kupitirira, nthawi zina ali ndi kapaipi kotulutsa mafinya. Ntchito zolemetsa monga kukoka khoka, kupalasa bwato, kulima kapena kusenza ndowa zidikire masabata 4 mpaka 6. Bala likafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, kapena thupi likayambanso kutentha, bwererani kuchipatala osadikira tsiku lochotsa ulusi.