Chaputala 5 chikasalala kuposa zinzake

Tiyerekeze kuti wophunzira wa digiri yachiwiri akulemba pepala la kafukufuku wa momwe alimi a chimanga amagwiritsira ntchito feteleza. Kwa miyezi isanu ndi itatu supavaiza wakhala akuwerenga Chingerezi chake mpaka kuchizolowera: ziganizo zazitali zosowa popumira, mawu amodzimodzi kumangobwerabwera. Kenaka kwabwera chaputala 5, chosalala ngati chalembedwa ndi pulofesa. Kusalalako pakokha si mlandu. Mwina wophunzirayo anapita nacho kwa wokonza Chingerezi, mwina anakopera, mwinanso analipira munthu kuti amulembere. Zitatuzi zimasiya mapazi osiyana, ndipo amaoneka bwino pepalalo likawerengedwa kuyambira kumayambiriro.

Muyezo ndi chaputala 1 ndi 3, chifukwa kawirikawiri zimalembedwa kafukufuku asanayambe, supavaiza akuona. M'menemo muli mafunso a kafukufuku, malo ake ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa. Supavaiza amalemba zimenezi pambali. M'chitsanzo chathu, mafunso ndi atatu, midzi ndi inayi, alimi ndi 120.

Chaputala 2, chofotokoza zimene ena analemba kale, chimapusitsa. Pafupifupi kwa wophunzira aliyense chimamveka bwino kuposa zinzake poti chimatsamira pa mawu a akatswiri. Apa supavaiza amatenga chiganizo chokayikitsa, mawu asanu ndi atatu kapena khumi otsatizana, n'kuchifufuza pa Google atachitsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Amasankhanso mabuku khumi mwa otchulidwawo n'kuona pa Google Scholar ngati alipodi, komanso ngati amanenadi zimene akuti amanena. Turnitin, pulogalamu yofufuza zokopera, imathandiza, koma nambala ya maperesenti imene imatulutsa anthu amaikhulupirira mopitirira. Imangosonyeza mawu ofanana ndi zolembedwa zina. Maperesenti 25 omwazikana m'mayina a mabuku ndi mawu ogwidwa moyenera akhoza kukhala opanda vuto, pamene maperesenti 8 ochokera m'pepala limodzi ndi masamba angapo okopera. Ndipo chaputala cholembedwa chatsopano ndi munthu waganyu chimatha kudutsa Turnitin osagwidwa n'komwe.

Pamene zinthu zimaululika kwenikweni ndi pakati pa chaputala 4, cha zotsatira za kafukufuku, ndi 5, chokambirana zotsatirazo. Wolemba waganyu amadziwa Chingerezi, koma sanapondeko m'midzi ija. Matebulo a m'chaputala 4 akuphatikizana kukwana 118, ndipo wophunzira anafotokoza kuti mapepala awiri a mafunso anabwerera osayankhidwa bwino. Chaputala 5 chikukamba za alimi 150. Chikuyankha funso lachinayi, la ngongole za zipangizo zaulimi, limene chaputala 1 sichinafunse. Penapake chatchula dera la kafukufuku kuti `county`, liwu la kagawidwe ka dziko la Kenya, pamene machaputala ena onse akuti `district`. Chatchulanso mabuku asanu ndi limodzi amene mulibe m'chaputala 2 ngakhale pamndandanda wakumapeto. Wokonza Chingerezi sachita zimenezi. Iye amawongola chiganizo, koma 118 amamusiya ali 118.

Kusiyana kumeneku kumaonekanso pakompyuta. Mu Word, `Review` kenaka `Compare` imaika limodzi fayilo yakale ndi yatsopano. Ngati ndi ntchito ya wokonza, zosintha zimakhala timadontho m'ndime iliyonse, mfundo zili m'malo mwake. Ngati ndi za munthu wina, ndime zathunthu zimafufutika n'kulowa zachilendo. Dzina la wolemba lopezeka pa `File` ndi `Info` lisakutengeni mtima, chifukwa ophunzira ambiri amabwerekana malaputopu.

Chotsala ndi kukhala naye pansi, mphindi makumi atatu zimakwana. Funso loti "Mwalemba nokha zimenezi?" silipindula, yankho lake ndi lodziwikiratu. Supavaiza amatsegula tsamba n'kunena kuti, "Tandifotokozereni ndime iyi m'mawu anu, ngakhale m'Chichewa. Nanga 150 uyu wachokera pa tebulo liti?" Amene anangokonzetsa chilankhulo amafotokoza, mwina mopunthwapunthwa, n'kutulutsa fayilo yomwe wokonza anabweza ili ndi `Track Changes`, yosonyeza zonse zimene anasintha. Amene analemberedwa amangowerenganso chiganizocho mokweza. Komabe mantha amatha kutseka pakamwa ngakhale munthu wosalakwa, n'chifukwa chake ndi bwino kumupatsa masiku awiri kapena atatu kuti abweretse mapepala a mafunso, fayilo ya manambala a kafukufuku ya SPSS kapena Excel, ndi zolemba zake zoyambirira.

Zikapezeka kuti ndi wokonza chabe, malamulo a yunivesiteyo ndiwo amanena ngati zimaloledwa komanso ngati wokonzayo ayenera kutchulidwa patsamba lothokoza. Zikapanda kugwirizana, supavaiza saweruza yekha. Amalemba tsamba lililonse lokayikitsa, nambala zosemphana ndi tsiku la zokambirana, n'kupereka kwa mkulu wa dipatimenti pepalalo lisanapite kwa oyesa.